Alamu, Chitseko cha Uvuni Chisiyeni

M'nyumba iliyonse ya m'tauni momwe muli kuka ya magetsi mumapezekanso munthu mmodzi amene sanakandepo fulawa chibadwire koma amadziwa zonse za buledi. Nthawi zambiri amakhala alamu aja anakhalako ku Joni, amene nyumba yawo ya lendi inayandikana ndi bekale, ndipo poti fungo linkawapeza pawindo m'mawa uliwonse, iwo amadziwerengera kuti sukulu yophika anaimaliza. Buledi akangolowa mu uvuni, alamu amadzuka pampando, manja kumbuyo, n'kukaima m'khitchini. Pakapita mphindi zisanu mumva, "Mlamu, ndingosuzumirako pang'ono," chitseko gwa! Buledi akatuluka wafupi, wotuwa, wonanda mkati, mlandu umagwera fulawa ya masiku ano, yisiti yogula pa okala, magetsi ofooka, mwinanso mayi woyandikana naye amene anayang'ana mtanda ndi diso loipa. Ine ndikuti buledi wa pakhomo amawonongeka pa mphindi khumi ndi zisanu zoyambirira, ndipo chomuwononga chimakhala dzanja limene lili pa chitseko.

Kuti mlanduwu umveke, titenge buledi wamba wa fulawa magalamu 500, madzi mamililita 325, mchere magalamu 10 ndi yisiti youma magalamu 7. Mtanda wotere umalemera magalamu pafupifupi 840, ndipo ukafufuma kawiri umafuna uvuni wa madigiri 220 mpaka 230. Pano alamu amalakwa koyamba asanagwire n'komwe chitseko, chifukwa kanyali kofiira ka pa kuka kakangozima amafuula kuti uvuni wapsa, lowetsani, mayunitsi akutha. Kanyaliko kamangonena kuti mpweya wa mkati wafika pa nambala munaika. Makoma achitsulo ndi thireyi zimakhala zisanamwe moto, ndipo mpweya wotenthawo umathawa nthawi yomwe mukulowetsa mtanda wozizira. Uvuni umafuna theka la ola ukuyaka wopanda kanthu, kuti chitsulocho chisunge kutentha kobwezera komwe kwathawa. Komanso nambala ya pa chopotokola chija si lumbiro la ku khoti. Makuka ambiri, makamaka okalamba amene nambala zake zinafufutika ndi sopo, amaphonya ndi madigiri 10 kapena 20, ena kupitirira. Kachoyezera kutentha koimika mkati mwa uvuni kamathetsa mkangano umenewu. Amene uvuni wawo uli ndi fani achotseko madigiri 20, ndipo amene aona 450 m'buku la ku America asachite mantha, ndi muyezo wina umenewo, kwathu kuno ndi 230.

Mtanda ukalowa mu uvuni wotentha bwino umachita changu chomaliza. Mpweya umene yisiti inaupanga mkati umafutukuka, madzi ena amasanduka nthunzi, yisiti nayo imagwira ntchito mothamanga mpaka mkati mutafika madigiri pafupifupi 60, pomwe imafa. Zonsezi zimatha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo msinkhu umene buledi wafika pamenepo ndi womwe adzapite nawo patebulo. Koma kuti akwere, khungu lake liyenera kukhala lofewa. Likauma msanga limamumanga, ndiye amang'ambikira m'mbali kapena kungokhala ngati njerwa yolemera. Ntchito ya nthunzi ndi imeneyo. Imakhala pamwamba pa mtanda wozizira uja, n'kuchedwetsa kuuma kwa khungu, ndipo pambuyo pake khungulo limatuluka lopyapyala, lowala, lothetheka polidula. Mauvuni a ku bekale ali ndi mapaipi opopera nthunzi, chinthu chimene alamu sakanachiona ali pawindo. Pakhomo timaika thireyi yachitsulo pansi pa uvuni kuti itenthere limodzi, ndipo polowetsa mtanda timathiramo kapu imodzi ya madzi owira n'kutseka msanga, nkhope tayang'ana kumbali. Mbale yagalasi ayi, imasweka, ndipo madzi asadonthere pagalasi la chitseko. Tsono taganizani, nthunzi ya kapu imodzi yokhayo, imene mwaipeza movutikira, alamu akuitulutsa yonse pa kusuzumira kumodzi, limodzi ndi madigiri makumi awiri kapena kuposa. Imakawapsereza nsidze, iwo n'kubwerera m'mbuyo akupukuta magalasi, n'kulengeza kuti, "Ayi, akuyenda bwino." Anali kuyenda bwino, alamu, musanabwere.

Wina anena kuti agogo athu ankaphika chigumu ndi chikondamoyo pa makala, opanda nambala, opanda thireyi ya madzi, ndipo palibe anadandaula. Zoona, ndipo umboni umenewu uli mbali yanga. Agogo ankavundikira mphika, makala pansi, makala pa chivundikiro, ndipo mwana wofuna kuvundukula ankakumana ndi mthiko. Mphika wovundikira umasunga nthunzi yotuluka mu mtanda momwemo. Njira yomweyo imagwira mu kuka: tenthetsani mphika wachitsulo chokhuthala, wopanda zogwirira za pulasitiki, ikanimo mtanda, vundikirani mphindi 20, kenako chotsani chivundikiro. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti alamu akatsegula chitseko amangoona mphika, ndipo chivundikiro cha madigiri 230 chimadziteteza chokha.

Wina anenanso, ndipo uyu ali ndi mfundo, kuti uvuni wake umapsereza kumbuyo, ndiye osatsegula aona bwanji? Kutsegula sikoletsedwa mpaka kalekale, kuli ndi nthawi yake. Pakatha mphindi khumi ndi zisanu buledi waumba kale thupi, ndipo nthunzi imasanduka mdani, chifukwa khungu lonyowa silingafiire. Kufiira kumayamba pamene pamwamba pauma n'kupitirira madigiri 140. Apa ndiye mutsegule dala, muchotse thireyi ya madzi ngati ikadali ndi kanthu, mutembenuze buledi kuti mbali ya kumbuyo ibwere kutsogolo, mutsitse moto kufika 200, ndipo mumusiye mphindi zina 20 kapena 25. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi iyi, pamene dzanja lotsegula likufunikadi, alamu amakhala atabwerera pabalaza kukafotokozera ana mmene mpira umaseweredwera ku Joni. Mtanda wothira shuga, mkaka kapena majarini ndi nkhani ina, umafiira msanga, choncho umafuna 180 kapena 190 kuyambira pachiyambi, ndipo ukada pamwamba nthawi isanakwane muufunditse pepala la foyilo.

Alamu amabweranso kumapeto, ndipo ulendo uno amabwera ndi chiweruzo. Akaona pamwamba pafiira amati wapsa, tulutsani, tiyi akuzizira. Maso amanama pa buledi, chifukwa uvuni wotentha mopitirira umafiiritsa kunja mkati mukadali phala. Ena amabaya ndi mpeni kapena kamtengo monga amachitira ndi keke, koma mtanda wa buledi umagwirana, ndipo kamtengo kamatha kutuluka koyera pakati pasanapse. Alamu amabaya kanayi kuti atsimikize, buledi n'kufika patebulo ali ndi mabala. Mboni zodalirika zilipo zitatu ndipo zimafunika kugwirizana. Mutulutseni m'chitini, mumutembenuze, mugogode pansi ndi chala: wakupsa amalira ngati ng'oma, wosapsa amangoti phu. Onaninso m'mbali ndi pansi, ngati mwatuwa ndi mofewa mubwezereni mu uvuni wopanda chitini mphindi zisanu. Kenako sikelo: buledi amataya madzi pophika, gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake kapena kuposerapo pang'ono, kotero mtanda wathu wa 840 uja uyenera kutsika kufika cha m'ma 750 kapena kuchepera. Akakhala pa 800, madzi akadali mkati. Amene ali ndi choyezera chobaya ndiye apeza yankho mosavuta: pakati penipeni pafike madigiri 93 mpaka 96, kapena 88 mpaka 90 ngati ndi buledi wa mkaka ndi shuga.

Pa nambala imeneyi pali msampha umene mabuku akunja satichenjeza. Ena amalemba kuti mudikire mpaka mkati mufike 98 kapena 99. Koma mkati mwa buledi ndi monyowa, ndipo simungatenthe kuposa pomwe madzi amawirira pamalopo. Madzi amawira pa 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, amawira cha pa 96 kapena 97, ndipo ku Dedza, komwe n'kokwera kwambiri, cha pa 95. Mayi wa ku Dedza wodikira 99 adzadikira mpaka buledi atasanduka khala, nambalayo osaiona. Wa ku Nsanje yekha ndiye angayandikireko. Izi alamu mukawauza amapukusa mutu, amati ku Joni madzi amawira bwinobwino, osadziwa kuti mzinda wa Johannesburg uli pamwamba kuposa Lilongwe, ndipo madzi awo ankawira msanga kuposa athu.

Chotsalira ndi chimene chimandipweteka kwambiri, chifukwa apa ngakhale anthu aulemu amagwa. Buledi wotuluka kumene sanamalize. Mkati mukadali nthunzi, ndipo mnofu wake umalimba pamene akuzizira. Amafuna ola lathunthu ali pa waya, mpweya ukudutsa pansi. Mukamusiya m'chitini amachita thukuta, mukamukulunga m'jumbo khungu lija munalivutikira limasanduka chikopa chonyowa, mukamudula wamoto mpeni umakoka mnofu n'kuumata, ndipo buledi wopsa bwino amaoneka wosapsa. Koma ndani angauze mlendo kuti adikire ola, fungo litadzaza nyumba mpaka kwa aneba? Mwambo wathu sulola. Mayi wa panyumba, amene wakanda, wadikira, wawotcha mayunitsi a masiku awiri, amangoti, "Dulani alamu, musachite manyazi," mtima ukuwawa. Alamu manyazi alibe. Amadula chapakati, kusiya nsonga, amapaka majarini mpaka kuyenderera m'zala, amadya magawo anayi ali chete. Akafika pa lachisanu amaliyang'anitsitsa, amalifinya ndi chala, n'kunena mokoma mtima kuti, "Mwayesetsa mlamu, koma mkatimu simunapse. Loweruka ndidzabwera m'mawa, ndidzakuyang'anireni."