Khadi lomaliza, lomaliza lenileni, ndi linzake lomalizitsa

Pali mawu atatu amene munthu wokonza makhadi ndi maposita pa kompyuta amawaopa kuposa kuthima kwa magetsi: "Choyamba chija chilipo?" Amawayankhula ndi kasitomala, ndipo amawayankhula mofatsa, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, ngati akufunsa madzi akumwa.

Ine ndili ndi kashopu kuseri kwa msika wa Ndirande. Pakhomo pali chikwangwani chonena kuti muno muli katswiri wa zojambula pa kompyuta. Ndinachilemba ndekha, choncho palibe amene anatsutsa. Ndimakonza makhadi a ukwati, mapologalamu a maliro, maposita a makwaya, ndi zikwangwani za asing'anga amene amabweza mkazi wothawa koma satha kubweza ngongole yanga. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene anaphunzirako zakompyuta kukoleji, amandithandiza. Ndinamutenga kuti ndimuphunzitse ntchito, ndipo mpaka pano ndikuphunzirabe.

Kumayambiriro kwa Ogasiti kunabwera mayi wapampando wa komiti ya ukwati wina. Lolemba ndinawatumizira khadi pa WhatsApp: mtundu wofiirira, chithunzi cha akwati kumanzere, zilembo zopendekeka, mwambo wa kutchalitchi 9 koloko. Lachiwiri anati komiti yakana kufiirako, ikufuna mtundu wagolide, ndipo mayina a ankhoswe akulitsidwe chifukwa ankhoswe akuchimuna adandaula kuti dzina lawo likuoneka ngati nyerere. Lachinayi anati abusa asuntha nthawi, mwambo uyamba 8 koloko. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu ya komiti ikachuluka denga limasenzedwa kupita mbali zinayi.

Zonsezi ndinkasintha m'fayilo imodzimodzi, ndikudina `Ctrl+S` mphindi iliyonse. Chala chimenechi ndimachinyadira. Kuno magetsi satsanzika, ndiye munthu wanzeru amasunga ntchito pafupipafupi. Ndinkamuuzanso mtsikana uja kuti aziona mmene akuluakulu timachitira.

Lachisanu mayi aja anatulukira okha.

"Achimwene, komiti yagawikana. Ena akuti chofiira chija chinali bwino. Tiikeni zonse ziwiri pamodzi tione. Choyamba chija chilipo?"

"Chilipo, mayi. Kuno sititaya kanthu."

Ndinatsegula foda. Munali mafayilo mbwee, ndipo mayina ake anali awa:

```
khadi.cdr
khadi final.cdr
khadi final2.cdr
khadi final yeniyeni.cdr
khadi iyi ndiye.cdr
```

Ndinatsegula yoyamba: khadi la ukwati wa chaka chatha, ndipo banjalo ndikumva kuti linatha. Yachiwiri inali pologalamu ya chiliza. "Yeniyeni" ija inali ya mayiwa ndithu, koma yagolide. "Iyi ndiye" inali yagolidenso. Chofiira chinali chitapita. Ndinayamba kudina `Ctrl+Z` mwaulemu, kenako mwaukali, koma kompyuta inangoti phee, pakuti kubwerera m'mbuyo kotere kumagwira ntchito fayilo ikadali yotsegula. Ukaitseka madzulo, mawa imadzuka itaiwala zonse.

Apa ndinakumbukira kuti CorelDRAW imasunga yokha fayilo ina yoyamba ndi `Backup_of_`. Ndinamwetulira, ndikuuza mayiwo kuti akatswiri timakhala ndi njira zathu. Kutsegula, yagolide. Mtsikana uja anandinong'oneza kuti, "Amalume, imeneyo imangosunga mmene ntchito inalili musanadine `Save` komaliza. Inu mumadina mphindi iliyonse, ndiye ili kumbuyo ndi mphindi imodzi basi." Chala chonyadiwa chija ndicho chinakwirira khadi lofiira. `Save` ili ngati kupaka penti pakhoma lomwelo: mtundu watsopano ukakhala, wakale suonekanso.

Chimene chinatsala ndi kachithunzi kamene ndinatumiza Lolemba pa WhatsApp. Koonera kanali bwino, koma kogwirira ntchito ayi. Fayilo ya `.cdr`, kapena `.psd` kwa anzathu a Photoshop, imasunga zilembo pazokha, chithunzi pachokha, mtundu wakumbuyo pawokha, moti ukhoza kugwira chimodzi osakhudza chinzake. Chithunzi cha `.jpg` chimamata zonse pamodzi, ndipo WhatsApp imachifinyanso kuti chiyende msanga. Kuchikulitsa, m'mphepete mwa zilembo munali mutachita chifunga. Ndinauza mayiwo kuti kompyuta ikufuna kupuma, abwere mawa. Anayang'ana kompyutayo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti ooneka otopa si kompyuta.

Usiku umenewo ndinakonzanso khadi lofiira kuchokera pachiyambi, ndikuonera pafoni. Mtsikana uja anakhala pambali, ndipo mwaulemu wonse wa mwana wolankhula ndi malume ake, anandigwetsa pampando wa ukatswiri.

Anati fayilo imene yapita kwa kasitomala imakhala yatsekedwa, siikhudzidwanso. Kasitomala akapempha kusintha, usanasunthe ngakhale kadontho, umatsegula fayiloyo n'kudina `Save As`, umene ndi `Ctrl+Shift+S`, n'kuipatsa nambala yotsatira. Ukatero, dina `Ctrl+S` mmene ungafunire, chifukwa ukupaka pa yatsopanoyo. Ndinafunsa ngati ndiyenera kupanga nambala yatsopano nthawi iliyonse ndikasuntha duwa. Anati ayi, foda ingadzaze pachabe. Nambala imakwera pokhapokha ntchito ikatuluka pakhomo kupita kwa mwini wake n'kubwerako ndi madandaulo. Ntchito ya sabata ija ikanayenera kuoneka chonchi:

```
ukwati-ndirande_khadi_v01_2025-08-04.cdr
ukwati-ndirande_khadi_v02_2025-08-05.cdr
ukwati-ndirande_khadi_v03_2025-08-07.cdr
```

Ndinati dzina lalitali chonchi ndi la mfumu yaikulu. Iye anati kachigawo kalikonse kali ndi ntchito. Koyamba kakunena mwini ntchito, kuti khadi la ukwati lisasakanikirane ndi la chiliza. Kachiwiri kakunena chinthucho, poti komiti yomweyi idzafunanso pologalamu ndi posita. Ziro wa pa `v01` ndi woti ukafika pa khumi mndandanda usasokonekere, chifukwa pali mapulogalamu ena amene amasanja `v10` pakati pa `v1` ndi `v2`. Ndinaseka kuti khadi limodzi silingafike pa khumi. Anandikumbutsa za kwaya ina imene inasintha posita mpaka woimba besi anatuluka m'gululo, chithunzi n'kuyambanso. Tsiku limayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, kuti mafayilo azisanjika okha m'ndondomeko ya nthawi. Ndipo limalekanitsidwa ndi timizere togona, pakuti Windows salola `/` m'dzina la fayilo. Apa ndinagwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale.

Za tsikuli ndinalimbana nayebe. Kompyuta imaonetsa yokha tsiku pa `Date modified`, nanga kulilembanso bwanji? Anati tsiku limenelo limasintha ukangotsegula fayilo yakale n'kudina `Save` mwa chizolowezi, ndipo anayang'ana chala changa. Fayilo ya Lolemba imaoneka ngati ya lero, n'kukwera pamwamba pa zinzake. Tsiku lolembedwa m'dzina silisuntha. Ndipo njira yodziwira kuti wapaka pa fayilo yakale ndi yomweyo: dzina likunena 4 Ogasiti koma `Date modified` ikunena 8 Ogasiti, ndiye kuti pali amene anaigwira.

Mawu akuti `final` anawaletseratu. Anati khadi limatha tsiku limene lasindikizidwa. Kasitomala akavomereza, umatulutsa PDF kuchokera ku nambala yovomerezekayo, dzina lomwelo, n'kuiika mu foda yakeyake ya zopita kosindikiza. Mu fodamo mumakhala fayilo imodzi yokha.

Koma phunziro lalikulu linali la kuonetsa. Kasitomala saona mayina athu okongolawa. Ukatumiza ngati chithunzi, pafoni zambiri chimafika ndi dzina longa `IMG-20250804-WA0007.jpg`, ndipo chikazungulira m'gulu la komiti palibe amene amadziwa kuti choyamba ndi chiti. Wina amati "chija cha dzana", wina "chimene anatumiza atsibweni". Ukatumiza ngati `Document` dzina limafika lonse ndipo chithunzi sichifinyidwa, koma anthu ena amangojambula zimene zili pagalasi la foni n'kutumizirana, dzina n'kutayikanso. Choncho nambala iyenera kukhala pachithunzi penipenipo. Mtsikanayo anatsegula tsamba limodzi lopingasa, kumanzere anaika chakale, kumanja chatsopano, zonse zofanana msinkhu, poti chachikulu chimakopa maso ngakhale chikhale choipa. Pamwamba pa chilichonse analemba nambala yake ndi tsiku m'zilembo zazikulu, kunja kwa khadilo. Pansi analemba zimene zasintha: mtundu, kukula kwa mayina a ankhoswe, nthawi ya kutchalitchi. Anati maso a munthu amaona mtundu msangamsanga, koma 9 akasanduka 8 sawona pokhapokha utamulozera.

Loweruka mayi aja anabwera ndi ankhoswe awiri. Anaweramira tsambalo, anakangana pang'ono, kenako anagwirizana: chofiira. Ine ndinaimirira mwachangu, fulashi ili m'manja, kuti ndikasindikize makhadi 300 a `v01` imene ndinaikonzanso usiku. Ndinali nditaikonza mokhulupirika kwambiri, chilembo ndi chilembo.

"Amalume, tawerengani nthawi."

9 koloko. Ndinali nditatsala pang'ono kuitanira anthu 300 kutchalitchi ola limodzi akwati atalumbira kale. Kasitomala akati akufuna choyamba, amatanthauza maonekedwe ake, osati zolakwika zake. Choncho subwerera ku nambala yakale n'kuisindikiza. Umatsegula `v01`, umadina `Save As`, umaitcha `v04`, kenako umayenda pa mndandanda wa zosintha uja chimodzichimodzi, ukufunsa kuti ichi chikhale kapena chichoke. Golide anachoka. Nthawi ya 8 koloko inakhala. Pa mayina a ankhoswe ndinafunsa motsitsa mawu, ndipo ankhoswe akuchimuna anatsokomola kamodzi, nkhani n'kutha: anakhala aakulu.

Mayi wapampando anaona `v04` pagalasi, anawerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mtsikana uja anawapempha kuti alembe pa WhatsApp kuti avomereza `v04`, kutchula nambalayo. Atalemba, anandiuza kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi bwana wanzeru chonchi. Ndinati ndi wophunzira wanga. Anati inde, n'kulipira ndalama m'manja mwa mtsikanayo.

Tsono inu a makomiti a maukwati, a zikondwerero za makwaya ndi a ziliza, mukalandira khadi kuchokera kwa ine yang'anani pamwamba, pali nambala. Mukamaimba foni tchulani nambalayo. Amene adzanene kuti "chija cha tsiku lija" adzalipira kawiri.