Foni Imodzi, Akuba Atatu

Kwathu ku Ndirande tili ndi foni imodzi yotsetsereka ndi chala. Ndinagula ndine, koma kunena kuti ndi yanga kungakhale kudzikweza. Mmawa imakhala ndi mayi akunyumba, kumvera mauthenga a banki mkhonde. Masana imakhala ndi alamu anga, amene anabwera kudzagona masiku awiri chaka chathachi. Ine imandipeza madzulo, ili yotentha ngati mbatata yootcha, batire itatsala pang'ono kufa.

Sabata ya masewero a Maule ndi Manoma, kampani ina yobetcha inalengeza bonasi ya olembetsa kumene: ukaika K5,000, akupatsa tikiti yaulere ya K5,000. Ine ndinalembetsa Lachisanu usiku. Alamu ataona, anati, "Alamu, tandibwerekani kaye, zaulere sizidutsa pakhomo kawiri." Anatsegula akaunti yawo pafoni yomweyo. Mayi akunyumba, amene amati juga ndi ya satana, anafunsa kawiri ngati tikitiyo ndi yauleredi, kenako anatsegulanso yawo. Ndalama tonse tinatumiza kuchokera pa Airtel Money ya mayi, chifukwa yanga inali youma ndipo simu ya alamu inalembetsedwa pa chiphaso cha malume awo a ku Thyolo.

Ine ndine Maule wobadwa nawo, ndiye ndinaponya pa Bullets, pa 2.40. Alamu, pofuna kundiwawitsa mtima m'nyumba yanga yomwe, anaponya pa Manoma, pa 2.90. Mayi anati safuna phokoso pa nsima, choncho anasankha kuti matimuwo alepherana, pa 3.10. Zonsezi zinatheka m'mphindi zosakwana makumi awiri, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja ngati mbale ya chopereka.

Matimu analepheranadi. Mayi anawina K10,500, poti pa tikiti yaulereyo kampani inachotsa K5,000 yake n'kusiya phindu lokha. Anavina pang'ono, n'kudina kuti atape. Ndalama sizinabwere. Kunabwera uthenga wakuti akaunti yayimitsidwa, akuifufuza. Yanga chimodzimodzi. Ya alamu chimodzimodzi.

Mphwanga amene anaphunzira za makompyuta ndiye anatikhazika pansi Lamlungu, atadya kaye. Anati, "Malume, makinawo saona nkhope. Saona kuti inu muli ndi dazi, alamu anu ali ndi ndevu. Amaona foni." Pulogalamu yobetchera imawerenga mtundu wa foni, kukula kwa sikirini, chiyankhulo chomwe munaika, ndi tina tambiri, n'kuphatikiza zonse kukhala ngati chidindo cha chala. Imasiyanso kachizindikiro m'foni kuti mukabweranso ikuzindikireni. Kutuluka mu akaunti ya wina n'kulowa mu yanu kuli ngati kusintha chipewa pamaso pa agogo anu: akudziwanibe.

Alamu anadumphira kuti iwo anamva za IP, nambala imene makina amapatsidwa akalowa pa intaneti. Mphwanga anati imeneyo payokha ilibe mphamvu kwenikweni, chifukwa pa netiweki ya mafoni anthu ambirimbiri osadziwana amatha kutulukira pa nambala imodzi, ndipo makampani amadziwa zimenezo. Ikanakhala yokhayo, theka la Ndirande bwenzi litatsekeredwa. Imayamba kulemera ikagundana ndi zinzake. Ndipo kwa ife zinagundana zonse: foni imodzi, adiresi imodzi, maakaunti atatu obadwa usiku umodzi ngati ana a mbuzi, ndi chikwama chimodzi cholipira onse atatu. Ichi chomalizachi ndiye chinatipachika. Makampani ambiri amafuna kuti dzina la pa nambala yotumizira ndalama lifanane ndi la pa akaunti, pofuna kutseka akuba, ana osakwana zaka 18, ndi anthu otsuka ndalama zakuba. Ife amuna awiri akuluakulu tinalipiriridwa ndi mayi mmodzi, zomwe m'tauni muno sizodabwitsa, koma makina sanakulire m'tauni muno.

Kenako anatenga pepala n'kutiwonetsa momwe kamberembere weniweni amachitira. Amatsegula maakaunti atatu ndi ziphaso zobwereka kwa achibale. Matikiti atatu aulerewo amawagawa: ina pa timu iyi, ina pa inayo, yachitatu pa kulepherana. Mpira ulibe njira yachinayi. Ikawina ya 2.40 atenga K7,000, ya 2.90 atenga K9,500, ya 3.10 atenga K10,500. Kaya kugwe mvula kaya goloboyi agone, iye atola kanthu pa ndalama zomwe sizinali zake. Ndiye mphwangayo anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Tsopano mundiuze, malume, kusiyana kwa pepala ili ndi zomwe munachita inu Lachisanu."

Ndinati kusiyana kwake n'kwakuti ine ndi alamu timadanadi. Anati chidani sichioneka pa kompyuta.

Chomwe chinandipweteka ine n'chakuti poika ndalama palibe anatifunsa kanthu. Khomo lolowera linali lotsegula ngati la tchalitchi. Mlonda anali pa khomo lotulukira. Mphwanga anati kawirikawiri zimatero: kufufuza kwenikweni kumadzuka munthu akafuna kutapa, chifukwa ndi pamene ndalama ikuchoka m'thumba mwawo. Mbali ina ndikuwamvetsa, poti anthu amaberadi mabonasi, ndipo makinawo akamasula kwambiri akuba adzadutsa, akamanga kwambiri agwira ndi ife tomwe. Koma ndinaona kuti posankha mbali yolakwira, sanasankhe yowaluzitsa iwo.

Lolemba ndinaimba foni ku ofesi yawo, nditakonza mawu a ulemu ndi ena osakhala a ulemu. Mtsikana woyankha anali wodekha ngati namwino. Anandipempha chithunzi cha chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, china nditachigwira pafupi ndi nkhope, ndi umboni wakuti nambala yolipirira ndi ya ndani. Tinajambulana panja pa dzuwa, aliyense atanyamula chiphaso pachibwano ngati akaidi, aneba akusuzumira pa mpanda. Cha alamu chinabwezedwa kawiri chifukwa chala chawo chinaphimba tsiku lobadwa. Zithunzi zonse tinajambula ndi kutumiza pa foni yomwe ija, poti ina tikanaitenga kuti?

Patatha masiku anayi anavomereza kuti ndife anthu atatu enieni. Ndinayamba kupuma. Kenako mtsikanayo anandiwerengera ndime ya m'malamulo awo, aja tonse tinadina kuti tawerenga: bonasi ndi imodzi pa munthu, pa nyumba, pa foni ndi pa njira yolipirira. Kutsegula maakaunti atatu anthu atatu sikunali mlandu. Mlandu unali kudya mabonasi atatu pansi pa denga limodzi. Yovomerezeka inali ya woyamba kulembetsa, ndiye kuti ine, amene Maule anga sanawine. K10,500 ya mayi inafufutidwa. Ma K5,000 athu anatsala m'maakaunti.

Ndinamufunsa kuti nyumba amaiwerenga bwanji, chifukwa pa puloti yathu pali makomo asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, ndipo tonse timalemba adiresi ya sukulu ya pulayimale yapafupi. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti funso langa alipereka kwa akuluakulu.

Mayi akunyumba abwerera ku chiphunzitso chawo chakale chokhudza juga, ndipo akuti K10,500 ija ndi ngongole yanga, popeza ndine ndinalembetsa koyamba. Alamu agula foni yawoyawo yakaunjika ku Limbe, yosweka pakona, ndipo alembetsa simu m'dzina lawo. Usiku wathawu anagogoda kuchipinda kwathu, foniyo ili m'manja, akunong'ona.

"Alamu, tchaja chanu chija ndingabwereke? Kapena nachonso chimaulula?"