Mphepo ya ku Luwinga yaphunzira Chingerezi

Mlamu wanga amakhala ku Luwinga, kufupi ndi yunivesite ya Mzuzu, ndipo sakonda kulemba. Zake ndi mauthenga a mawu basi. Lachiwiri ananditumizira wa masekondi 47 ali pa kabaza mumsewu wa M1. Ndinatchera khutu, koma munali mphepo yokhayokha, fuuu, ndi belu la njinga kamodzi.

Poganiza kuti makutu anga ndiwo akalamba, ndinaupereka ku pulogalamu ina yosandutsa mawu kukhala zolemba. Inaganiza pang'ono n'kulemba kuti: "Thanks for watching!" Kundithokoza chifukwa choonera. Kuonera chiyani? Mlamu amalankhula Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo chikwatireni mlongo wanga sanandithokozepo.

Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamu otere amaphunzira pomvetsera mawu ophatikizidwa ndi zolemba zake. Ya Whisper, yomwe inatuluka mu 2022, inamvetsera maola 680,000 a zinthu za pa intaneti. Mavidiyo ambiri akamatha kumangomveka kanyimbo kapena zii, pomwe pansi palembedwa mawu otsanzika. Ndiye makinawo anazolowera kuti munthu akakhala chete, ndiye kuti akuthokoza. Kuvomera kuti sanamve kanthu ayi, ngati mwana wasukulu wosafuna kusiya mpata pa mayeso.

Muwagwire chonchi: chiganizo chikakhala chosalala kwambiri, chachilankhulo china, kapena chikubwerezabwereza, mverani nokha uthengawo.

Nditamuimbira mlamu, zinapezeka kuti amafuna ngongole ya K20,000. Alamu, pa nkhani zotere pitirizani kujambulira pa kabaza pomwepo.