Bwana, Ndine Uja Ndinkakhala Kumbuyo

Aliyense amene anapondako kukoleji ali ndi matenda amodzi osachiritsika: amakhulupirira kuti alekichala ake akumukumbukabe. Munthu anamaliza sukulu kalekale, wamera kamimba, tsitsi lathawira kunkhongo, koma mumtima amati adokotala aja akamadya nsima madzulo amaima kaye n'kufunsa akunyumba kwawo kuti, "Kodi mnyamata wa ku Chikwawa uja ali kuti masiku ano?" Ine matendawa ndili nawo, ndipo kutentha kwa kuno kuchigwa kumangowakolezera.

Njira yanga yopemphera kalata ya umboni, ija timati lefelensi, ndi yodziwika pa Dyeratu ponse. Ndimadikira mpaka tsiku lotseka litakhala mawa. Ndikatero ndimafulasha kaye, poti mayunitsi ndi odula, kuti bwanawo ayimbe okha. Akapanda kuyimba ndimalemba pa Watsapu kuti, "Bwana muli bwanji, ndine uja ndinkakhala kumbuyo, ndikufuna lefelensi mwachangu." M'kalasimo tinalimo anthu ochuluka kuposa okwera basi ya ku Nsanje, ndipo theka la ife tinkakhala kumbuyo. Kalata ikabwera imakhala ya mizere itatu: ndinali wophunzira wawo, ndinali wakhalidwe, amandifunira zabwino. Mawu omwewo akhoza kulembera mlonda wa pageti osasintha kanthu.

Ndiye mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za ulimi wamthirira ndipo amagwira ntchito ndi alimi a nzimbe cha ku Nchalo, anati akufuna kuyesa mwayi wa Chevening. Iyi ndi sikolashipu ya boma la Britain yokachitira mastazi ya chaka chimodzi. Amatsegula mu Ogasiti, amafuna munthu woti wagwirapo ntchito maola osachepera 2,800, amafuna makalata a umboni awiri, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Ine monga malume wophunzira ndinadzipereka kumulangiza.

"Mbuzi," ndinatero. "Tumiza mbuzi yonenepa ya ku Ngabu. Palibe lekichala angaiwale mbuzi."

"Amalume," anayankha mwaulemu wopweteka, "mphatso ikatsogola kalata imanunkha ziphuphu. Ndawalembera kale imelo."

Kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti makalatawo afunike. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kalata ya tsamba limodzi, masabata onsewo? Iye anayamba kundiwerengera pazala. Madamu alekichala akewo ali ndi mulu wa mapepala a mayeso oti achonge. Sabata ina amakhala ali kumidzi ku kafukufuku kumene netiweki imapezeka pachulu. Kalata yoteroyo imafuna pepala la chizindikiro cha yunivesite ndi saini, nthawi zina ndi chidindo chomwe chili m'dirowa ya asekeletale, amenenso amapita kumaliro ngati munthu aliyense. Magetsi nawo ali ndi maganizo awoawo. Komanso nyengo ya masikolashipu sapempha yekha, pali anzake ambiri pamzere. Wopempha mochedwa amalandira kalata yakale ya munthu wina yongosinthidwa dzina.

Anandionetsa imeloyo. Inali m'Chingerezi, koma nkhani yake inali iyi. Pamutu analemba dzina lake lonse, chaka chomwe anamaliza, chimene akupempha ndi tsiku lotseka, kuti madamuwo adziwe zonse asanatsegule n'komwe. M'katimo anati: "Adokotala, ndinali m'kalasi mwanu ya ulimi wamthirira m'chaka chachinayi, ndipo ndinamaliza mu 2019. Ndinu munayang'anira kafukufuku wanga wa madzi otayika m'ngalande zadothi, uja munandibweza kawiri kuti ndikayezenso. Panopa ndimagwira ntchito ndi alimi a nzimbe ku Chikwawa. Namondwe Ana atawononga minda mu Januwale 2022, ndinatsogolera gulu la alimi pokonzanso ngalande zathu. A Chevening amayang'ana kwambiri utsogoleri ndi luso logwirizanitsa anthu. Kodi mukuona kuti mumandidziwa mokwanira kuti mungandilembere kalata yamphamvu? Ngati nthawi yakuchepelani, ndiuzeni, ndimvetsa."

"Wawakumbutsiranji kuti anakubweza kawiri?" ndinadandaula. "Komanso wawatsegulira wekha khomo lokanira!"

"Kubwezedwako ndiye chimene angandikumbukire nacho, amalume. Ndipo akakana lero ndili ndi nthawi yopeza wina. Choopsa ndi munthu wovomera chifukwa cha manyazi, n'kulemba kalata yozizira."

Pamenepa mpamene panandilasa. Lekichala salemba zimene sakuzikumbukira, ndipo amene amawerenga makalatawa safuna kumva kuti ndiwe wakhama. Aliyense ndi wakhama papepala, ngakhale ine. Amafuna kumva kuti unachita chiyani, liti, ndipo wolembayo anaona yekha chiyani. Choncho mwanayu anamata zinthu zinayi: siivi yatsopano, chikalata cha magiredi ake onse, nkhani yomwe analembera a sikolashipu yofotokoza zolinga zake, ndi tsamba la malangizo a eni sikolashipuwo kwa olemba umboni. Zonse zinali PDF zooneka bwino, iliyonse ndi dzina lake. Zanga ndimajambula ndi foni pamphasa, chala changa chachikulu chikuonekera pakona. Iye mapepala ake anawasunganso mu imelo kalekale, poti kuno Shire akakwiya safunsa kuti m'sutikesimo muli digiri.

Anafotokozanso m'mene kalatayo iyendere, chifukwa njira zimasiyana. Kwina umaikweza wekha pa intaneti, kwina eni ake amatumiza linki ku imelo ya lekichala. Linki yotero imakonda kugwera mu Spam, ndiye umawachenjeza kuti akasuzumireko. Uyeneranso kutsimikiza kuti imelo yawo ndi yamakono. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, Chancellor College n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Ndiye adiresi imene unakopera m'kope lako mu 2015 mwina lero ikulandira makalata m'malo mwa mizimu. Ena anapuma ntchito, ena anasamukira kwina. Umayamba wafunsa kudipatimenti.

Madamuwo anavomera. Kutatsala masabata awiri, mwanayu anawakumbutsa ndi mizere iwiri yaulemu, pansi pa imelo yomwe ija kuti asavutike kufunafuna mapepala. Anandiuza kuti akanangoyankha kuti "tiona" kenaka n'kukhala chete pambuyo pa chikumbutsocho, akanapita kwa munthu wachitatu amene anali atamukonzeratu. Ndipo akanati "lemba wekha ndidzangosaina," akanawatumizira mfundo zokhazokha kuti mawu akhale awo, chifukwa kalata yodzilembera imamveka liwu lofanana ndi nkhani yako, ndipo owerenga aja si ana. Kalata itatuluka anathokoza tsiku lomwelo, n'kulonjeza kuwauza zotsatira, zikome kapena ziipe. Mbuzi yanga inapulumuka.

Tsopano nanenso ndaganiza zobwerera kusukulu, ndipo ndayamba kulemba imelo yanga mwa njira yomweyo. Nthawi ndapereka yambiri, poti sindinasankhe n'komwe kopita. Mutu ndalemba bwino. Chaka ndachipeza pa satifiketi. Pavuta ndi pamzere uja wonena chimene bwana angandikumbukire nacho. Kafukufuku tinachita pagulu, ndipo gawo langa linali logula mandasi. Funso m'kalasi sindinafunsepo, kupatula lija loti kodi izi zibwera pamayeso. Ndinapita kwa mwana wa mlongo wanga kuti andithandize kukometsa mzerewo. Anawerenga, anandiyang'ana mwachisoni, ndipo anati, "Amalume, apa mwachedwa ndi zaka, osati masabata. Pemphani abwana anu akuntchito."

Vuto ndi loti abwana akuntchito amandikumbukira bwino kwambiri.