Nyani wa pa botolo la chiponde

Lolemba m'mawa, pa kampani ina yokonza chiponde mu Limbe muno, mnyamata woyendetsa tsamba lathu la Facebook anabwera ndi mimu yomwe akuti anaigonera usiku wonse. Pachithunzipo panali nyani atalowetsa mutu m'botolo, ndipo pansi pake analembapo kuti: wantchito wapanyumba madamu akangotuluka pageti.

Abwana anaseka mpaka kugunda tebulo. Abwana akaseka, ofesi yonse imaseka, ngakhale a akawuntanti omwe anali asanavale magalasi awo. Amene sanaseke ndi mayi otiphikira tiyi. Anaika thireyi patebulo pang'onopang'ono ngati muli mazira, anayang'ana foniyo, kenaka anayang'ana ife.

"Mayi, simukuona kuti nzoseketsa?" anafunsa abwana.

"Nzoseketsa ndithu, bwana," anayankha mayiwo ndi nkhope ya pamaliro.

Abwana anatembenukira kwa ife mokondwa. "Mwamva? Eni ake avomereza."

Umu ndi mmene timachitira kafukufuku m'tauni muno. Timafunsa munthu amene malipiro ake ali m'thumba mwathu, iye akuti inde, ife tikuti anthu agwirizana nazo.

Achemwali a zamalonda, omwe anakhalako ku Joni, anapempha kuti tiyese kanthu kamodzi. Anaphimba ndi chala mawu oti wantchito wapanyumba, natifunsa chomwe chatsala choseketsa. Panatsala nyani ndi botolo basi. Ndiye kuti chotiseketsa sichinali kukoma kwa chipondecho ayi, adatero, koma mawu omwe sitinawalembe, oti antchito ndi akuba, ndipo tawaveka nkhope ya nyama. Anatikumbutsa za mu Januwale 2018, pomwe sitolo ya zovala ya H&M inajambula mwana wachikuda atavala juzi yolembedwa mawu omutchula nyani. Kampaniyo inapepesa, komabe otsatira chipani cha EFF anakagwetsa katundu m'masitolo ake ku South Africa. Mu Seputembala 2020 zinagwera Clicks, itaonetsa malonda a TRESemmé otchula tsitsi la akazi achikuda kuti louma ndi lowonongeka pomwe la azungu inati labwinobwino. Masitolo anatsekedwa, mankhwala a tsitsiwo anachotsedwa pamashelefu.

"Kumeneko ndi ku Joni," anatero mnyamata uja. "Kuno timasekana. Asuweni satukwanizana? Ku Zambia Abemba amanyogodola a kum'mawa kuti amadya mbewa, iwo n'kubweza kuti Abemba amadya anyani, ndipo palibe amakwiya."

Apa mpomwe a akawuntanti, atapeza magalasi, analankhula zanzeru koyamba chaka chino. Anati chisuweni chimakoma chifukwa wonyozedwayo amabweza pompo, ndipo mawa onse amakumana pamaliro n'kudyera mbale imodzi. Tsono kampani ndi msuweni wa ndani? Mtsikana wogwira ntchito ku Namiwawa, amene anamunamizirapo kale kuti watha shuga, akabweza bwanji kwa botolo la chiponde? Njira yomwe ali nayo ndi imodzi. Madamu akamutuma kugolosale, amakatenga botolo la kampani ina n'kukanena kuti lathu linatha.

Mawu amenewo anafika abwana pamtima, pakuti mtima wawo umakhala pafupi ndi kaundula wa malonda.

Mnyamatayo sanagonje. Anati anthu akakwiya tidzangofufuta. Achemwali aja anamufunsa ngati anafufutapo chithunzi chomwe chalowa kale m'gulu la WhatsApp la amayi a mvano. Munthu amajambula sikirinishoti m'kanthawi kochepa, ndipo imayenda yokha, yopanda ndemanga yathu yoti timangocheza, koma chizindikiro cha kampani chili pakona pooneka bwino. Kenaka timatulutsa chikalata chija chotchuka, chopepesa kwa aliyense amene mwina wakhumudwa, ngati kuti olakwa ndi okhumudwawo.

Tinagwirizana zoti nthabwala isinthe mwini. Nyani achoke. M'malo mwake pakhale bambo wa mimba yake, atavala kabudula, ali pafiriji pakati pa usiku ndi sipuni m'botolo, mawu ake akhale oti: bambo a nyumba ana akangogona. Apa wosekedwa ndi amene amagula chipondecho ndi ndalama zake, ndipo akhoza kudziseka yekha osachotsedwa ntchito.

Mayi a tiyi, omwe anali akutolera makapu, anaseka mpaka kukhala pansi. Abwana sanaseke. Anayang'anitsitsa chithunzicho, nayang'ana mimba yawo, nafunsa ngati mimu imeneyi sikunyoza abambo ogwira ntchito molimbika.

"Nzoseketsa ndithu, bwana," anatero mayiwo akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.