Mbale ya Mzuzu ndi Masamu a Alamu

Akuluakulu adati kuchulukana n'kwabwino, kuipira kutha ndiwo m'mbale. Amene adayamba kunena mawuwa sadakhaleko m'kalasi ya masamu, koma adanena zinthu ziwiri zimene azungu awiri adazilemba motalikirana zaka 40. Mbali yoyamba ndi ya Thomas Malthus, m'busa wa ku Mangalande, yemwe mu 1798 adati anthu akasiyidwa amachulukana mowirikiza: awiri, anayi, asanu ndi atatu, osatopa. Mbali yachiwiri ndi ya Pierre Verhulst wa ku Belgium, yemwe mu 1838 adakumbukira kuti pali mbale.

Kachulukidwe ka Malthus akatswiri amakatcha ekisiponenshali, ndipo amakalemba chonchi: dN/dt = rN. N ndi chiwerengero cha anthu, r ndi liwiro limene akuchulukira, ndipo dN/dt ndi anthu owonjezereka pa chaka. Tanthauzo lake n'lakuti mukachuluka, owonjezereka nawo amachuluka. Aliyense wokhala ku Chibavi amazidziwa. Mlamu akabwera kuchokera ku Euthini kuti angokhala sabata imodzi, sabwera yekha m'choonadi. Ali ndi mng'ono wake wofuna sukulu, ndipo mng'onoyo ali ndi mnzake amene akudziwa kupalasa kabaza.

Mzuzu idayambadi chomwecho. Malo amene m'zaka za m'ma 1940 adali esiteti ya mitengo ya tang'i adali ndi anthu 16,108 pa kalembera wa 1977. Pofika 1987, patangopita zaka ziwiri chilandirireni ulemu wa mzinda, anthu adali 44,217. Kumeneko n'kukula ndi anthu opitirira 10 pa 100 alionse chaka ndi chaka. Liwiro limenelo likadapitirira mpaka 2018, Mzuzu ikadakhala ndi anthu oposa miliyoni imodzi, kuposa Lilongwe ya chaka chimenecho, ndipo mzere wa pa depoti ukadakathera ku Ekwendeni. Koma kalembera wa 2018 adapeza anthu 221,272. Ena onsewo ali kuti? Sadafe ayi. Ambiri a iwo sadabwere n'komwe, ena sadabadwe.

Apa m'pamene Verhulst akulowa ndi mbale yake. Kachulukidwe kake, kotchedwa lojisitiki, amakalemba dN/dt = rN(1 − N/K). K ndi chiwerengero chimene malowo angadyetse ndi kusunga. Kachigawo kali m'mabulaketiko kakunena gawo la ndiwo limene latsala. Anthu akakhala ochepa, N/K ndi kanthu kakang'ono, kachigawoko kamayandikira 1, ndipo Verhulst ndi Malthus amayankhula zofanana. N'chifukwa chake poyamba simungadziwe kuti muli pa njira iti. Mwana aliyense amene wakhala woyamba kusamba m'manja amakhulupirira kuti ndiwo sizidzatha.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Tinene kuti r ndi 0.1 ndipo K ndi 200,000. Pamene anthu ali 20,000, owonjezereka pa chaka ndi 0.1 × 20,000 × 0.9, amene ndi 1,800. Akafika 100,000, owonjezereka ndi 0.1 × 100,000 × 0.5, amene ndi 5,000. Akafika 180,000, owonjezereka ndi 0.1 × 180,000 × 0.1, ndipo tabwerera pa 1,800 pomwe paja. Kukula kumathamanga kwambiri pa theka la K. Nthawi imene makontilakitala akumwetulira, mitengo ya mapuloti ikukwera, aliyense akulumbira kuti mzinda uno sudzaima, ndiyo nthawi imene mbale yafika pakati. Malthus akadakhala pa 180,000 akadalonjeza anthu 18,000 pa chaka, kuwirikiza kakhumi.

Ndiye K ya Mzuzu ndi ingati? Njira yake si kuyang'ana chiwerengero chokha, popeza chiwerengero chimakwerabe ngakhale zinthu zikuthina. Muyenera kuyang'ana liwiro pa anthu 100 alionse. Likamakhala chimodzimodzi, muli kwa Malthus. Likamatsika pamene anthu akuchuluka, mbale yayamba kumveka kukanda. Kalembera wa 1998 adapeza anthu 86,980, ndipo wa 2008 adapeza 133,968. Liwiro lidachoka pa 10 kufika pa 6, kenaka pa 4 ndi kanthu. Munthu wa rula ndi pensulo mu 2008 akadajambula mzere wotsika n'kuona pamene ukukagunda ziro. Malinga ndi madontho amene wasankha, akadapeza K pakati pa 170,000 ndi 210,000 kapena apo. Akadavala jekete, n'kulengeza pa msonkhano, n'kulandira alawansi.

Patapita zaka khumi, Mzuzu idadutsa malire ake onse awiri osapempha chilolezo. Liwiro lidakweranso kufika pa 5, ndipo m'zaka khumi zokha mudalowa anthu oposa 87,000.

Masamu sadaname. Wolakwa ndi woganiza kuti K ndi khoma la njerwa zootcha. Verhulst adalemba ngati mbale ndi imodzi, yosasintha, ndipo zimenezi zimagwira bwino pa makumba a m'damu la mlimi, amene sangaitanitse chakudya pa foni. Akaswana mopyola, onse amapinimbira, mlimi n'kukolola tinsomba tonga zala. Koma Mzuzu sidya za m'munda mwake mokha. Mpunga umachokera ku Karonga, usipa ku Nkhata Bay, tomato ndi anyezi ku Jenda. Yunivesite ikatsegulidwa ku Luwinga, chipatala chachikulu chikamangidwa, mseu ukakonzedwa, mbale yasinthidwa, yabwera yaikulu. Ngakhale malire a mzinda akasunthidwa pa mapu, anthu amene dzulo adali akumudzi amadzuka ali a m'tauni asadasamuke.

Cholakwika china n'kumva K ngati chiwerengero cha anthu amene angakwane. Kondakitala wa minibasi angakuuzeni kuti malo satha. K ndi pamene obadwa ndi obwera akulingana ndi omwalira ndi ochoka, kotero kuti chiwerengero chaima ngakhale nkhope zikusintha. Mlamu mmodzi akutsika basi ya ku Chitipa, wina watopa ndi lendi akukwera ya ku Joni. Ndipo K sinena kuti otsalawo akukhuta. Imadalira kukula kwa nthongo imene aliyense wavomera. Banja likavomera kugona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi ndi kutunga madzi pa kiyosiki m'bandakucha, K yakwera popanda wina kuwonjezera ndiwo.

N'chifukwa chake ine sindifunsa kuti Mzuzu ingasunge anthu angati. Ndimafunsa kuti choyamba kutha n'chiyani, popeza K imalamulidwa ndi chinthu chosowa kwambiri, osati chochuluka. Mphepo yozizira ilipo yokwanira anthu mamiliyoni khumi. Madzi a m'damu la Lunyangwa ali ndi malire, ndipo nkhalango ya Kaning'ina imene imawasunga ikupita m'matumba a makala. Malo abwino omangapo nawo akuchepa: nyumba zatsikira m'madambo ndipo zakwera zitunda za ku Masasa, kumene mvula ya mu Epulo 2016 idagwetsa makoma ambiri.

Apa pali vuto limene lojisitiki yoyera siliona. M'buku, chiwerengero chimayandikira K mwaulemu, pang'onopang'ono ngati mkamwini wolowa pakhomo pa apongozi. Pa dziko, uthenga woti ndiwo zatha umachedwa kufika. Mlamu wa ku Euthini akumva za Mzuzu ya zaka zisanu zapitazo, ndipo thikiti wagula kale. Chiwerengero chikhoza kudutsa K, ndipo odutsawo akamadula mitengo ya m'mbali mwa damu kuti apeze ya lendi, K yeniyeniyo imatsika. Kalembera wotsatira adzatiuza ngati liwiro latsikanso pansi pa 5. Pakadali pano mlamu watumiza uthenga kuti afika Lachisanu, ndipo akufunsa ngati pabalaza pali soketi.