Bwana wa zipinda zitatu afunsa mtengo wa mphepo

Ine ndine bwana, abale anga. Ofesi yanga kuno ku Salima ili ndi zipinda zitatu, antchito anayi ndi fani imodzi imene imapukusa mutu ngati ikukana ngongole. Okutobala akafika, makasitomala amasaina mapepala ali chiimire, thukuta lili kamukamu, n'kuthawa. Choncho ndalembera kontirakitala kalata yopempha kotesheni yoika maeyakoni atatu, aja a mbali ziwiri: ina imakhala pakhoma m'kati, inzake yokhala ndi kompuresa imakhala panja.

Poyamba ndinaimba foni mwaubwana: "Ndikufuna maeyakoni atatu, ndi zingati?" Iwo anayankha mwaulemu: "Bwana, zipindazo ndi zazikulu bwanji?" Ndinati n'zapakatikati. Anakhala chete, chete uja amakhala dokotala wodwala akati "paliponse pakupweteka".

Mphamvu ya eyakoni amaiyeza ndi nambala ya BTU imene imalembedwa pabokosi. Kumalo otentha ngati kuno, amisiri amachulukitsa mulitali ndi mulifupi wa chipinda, kenako yankholo n'kulichulukitsa ndi 600. Chipinda cholandirira alendo ndi mamita 5 kwa 6, ndiye 30, kutanthauza BTU 18,000. Changa ndi mamita 4 kwa 5, chikufuna 12,000. Kachipinda ka akaunti ndi 3 kwa 4, samu ikupereka 7,200, ndiye timakwera pa saizi yotsatira, 9,000. M'kalatamo ndalembanso kuti zenera la ku akaunti limayang'ana kumadzulo ndipo muli makompyuta awiri ndi fotokope, pakuti dzuwa la masana, makina ndi anthu zonse zimawonjezera kutentha. Akadzaona okha mwina adzakweza nambalayo.

Apa mtima unandipweteka. Alendo 18,000, mwini wake 12,000? Ndinapempha kuti yanga ikhale ya 24,000, anthu azidziwa amene amalipira lendi. A kontirakitala anati eyakoni yopyola msinkhu imaziziritsa chipinda mofulumira n'kuzima isanachotse chinyezi, kenako n'kuyakanso, tsiku lonse yaka-zima. Munthu umakhala wozizidwa koma khungu likumata. Ndavomera 12,000, koma rimoti zonse zizikhala kwa ine.

Ndalama zenizeni zimabisala m'mapaipi. Mbali ziwirizo zimalumikizidwa ndi mapaipi a kopa, ndipo mtengo woikira nthawi zambiri umawerengera mamita atatu kapena asanu okha. Opitirira apo amalipiritsa pa mita. Chipinda cha akaunti chili pakati, khoma lake lakunja ndi la kumadzulo komwe kompuresa ingamapse ndi dzuwa, ndiye kuti makinawo akakhale kumthunzi kuseri pakufunika mamita 9. Ndalemba mtunda umenewu, ndipo ndapempha kuti chilichonse chikhale pamzere wake: makina ndi dzina lake, mtengo wa mita ya paipi pamodzi ndi chofunda chake, mabulaketi, kuboola khoma, mawaya, leba, thiransipoti ndi msonkho. Kotesheni yongoti "zonse pamodzi" imaoneka yotchipa mpaka tsiku loika, pamene mmisiri wayamba kukanda mutu khoma ataboola kale. Paipi yotaya madzi ndanenanso kumene ikathere, ndipo izitsetsereka, apo ayi madzi amabwerera n'kumadontha pa mafayilo.

Pa magetsi, makina atatuwa akamagwira ntchito mwamphamvu amadya pafupifupi mayunitsi atatu ndi theka pa ola. Ine amene ndimazimitsa babu la kuchimbudzi wina ali momwemo, ndinapempha madzi akumwa. Ndafunsa mitengo iwiri: ya invetala, imene imadula pogula koma kompuresa yake imachepetsa liwiro chipinda chikazizira, ndi ya wamba. Eyakoni iliyonse ikhale ndi bureka yakeyake ndi kachipangizo kodikiritsa magetsi akangobwera, chifukwa kompuresa sikondwera ndi kuthimathima.

Ndalembanso kuti gasi akhale R32 kapena R410A, osati R22 amene akuthetsedwa, ndiponso kuti asanatsegule gasi apope mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu ya vakiyumu. Mawu amenewa ndinangowamva kwa mlamu wanga, koma pakalata akuoneka ngati ndinapita ku koleji.

Kumapeto kuli mafunso a munthu woumira: waranti ya kompuresa ndi yaitali bwanji, nanga ya ntchito ya manja awo? Dipoziti ndi zingati? Mtengowu ukhala masiku angati? Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, funso limeneli sindilidumpha. Chilolezo cha alandilodi choboolera khoma ndachimata kumbuyo.

Kalatayi ndatumiza kwa makontirakitala atatu, mawu ofanana, kuti mitengo ifananizike mzere ndi mzere. Inu anzanga a maofesi aang'ono, musanafunse kuti "ndi zingati", tengani tepi muyeze zipinda ndi mtunda wa mapaipi. Tepiyo mukabwereke kwa telala, musachite kugula.